Mafoni M'lichero

Amene anayamba kundiuza kuti mkamwini wanga akufuna nyumba ya lendi ndi mayi wina wogulitsa makala, wa kwa Nthache, yemwe ali ndi tinyumba take tiwiri kufupi ndi malire. Tinakumana pa chigayo. Iye anali patsogolo panga pa mzere, ndipo nkhaniyo anainena ngati yoti ine ndikuidziwa kale.

"Ndiye mwawalola anawo adzakhale kwanga? Musadandaule, madzi ali pafupi. Koma chitseko chakumbuyo akakonze okha, ine ndilibe kalipentala."

Ndinangoti, "Eya, tidzaona." Ndinagayitsa chimanga changa, ndinasenza, n'kubwerera. Panjira sindinalankhule ndi munthu aliyense, koma Mulungu yekha.

Pamene timakhala ndi pamalo a malemu mayi anga, pamtunda pang'ono kuchokera pa boma. Bambo a ana anga anatisiya kale. Ndinatsala ndi ana aakazi awiri. Wamkulu atakwatiwa, mwamuna wake anabwera kudzamanga pakhomo pathu monga mmene timachitira kuno, nyumba ya njerwa zootcha kuseri kwa mitengo ya manachesi. Ali ndi ana awiri, ndipo wamng'onoyo m'mawa uliwonse amadzera kwanga kudzamwa phala asanasambe n'komwe. Mwana wanga wachiwiri akuphunzira zauphunzitsi, maphunziro aja ochitira kunyumba, ndipo masiku ena aphunzitsi awo amawaphunzitsa pa foni madzulo.

Mkamwini wangayo amagwira ntchito kwa bwana wina wokonza mapepala a katundu pa malire. Mathiraki akafika kuchokera ku Zobue, mbali ya Mozambique, madalaivala amapereka mapepala awo, iye n'kuwajambula, kulemba za katunduyo pa laputopu ndi kutumiza. Ofesi yawo ndi kachipinda ka tebulo limodzi, ndiye bwanayo anawauza anyamata ake kuti za mathiraki ofika mochedwa azikamalizira kunyumba. Koma zimayenera kufika kwa bwanayo asanatseke tsiku, cha m'ma 8 koloko, kuti aziwone ndi kuzivomereza. Zikaphonya apo, thirakiyo siinyamuka m'mawa pamodzi ndi anzake. Foni yokha pakhomo pathu siidalirika, chifukwa nthawi zina imangogwira netiweki ya ku Mozambique. N'chifukwa chake anagula kabokosi ka intaneti, kaja amati rauta, n'kuimika nsungwi yaitali yokhala ndi kanthu kokokera netiweki pamwamba pake. Kabokosiko anakaika pa windo la nyumba yake, ndipo waifai yake imafika mpaka pakhonde panga ndi kumpanda.

Tsiku loyamba anatiuza tonse pasiwedi. Sakanachitira mwina. Munthu sungamange pamalo a eni, kudya manachesi awo, kenako n'kuwabisira chinthu choti chikungoyenda mumphepo.

Tsono ndili ndi achimwene anga. Ndiwo mwini mbumba yathu, ndiwonso nkhoswe ya ukwati wa mwana wanga wamkuluyo. Amakhala kutsidya kwa khwawa, ndipo madzulo aliwonse ankabwera pa njinga kudzationa, monga mmene akhala akuchitira chimwalirireni bambo a ana. Ndimawathokoza pa chimenecho. Kabokosi katabwera, kutiona kuja kunatalika. Ankakhala pa mpando wa ndalema pansi pa windo lija, foni m'manja, akuonera mpira. Kukakhala kulibe mpira ankaonera wa dzulo. Ankabwera ndi mnzawo wina telala, ndipo telalayo pasiwedi anaidziwa. Pasanapite nthawi, dzuwa likamalowa, kumpanda kwathu kunkatsamira anthu oti ena ine sindinkawadziwa, nkhope zikuwala ndi mafoni. Ine ndinkangoti ndi madalitso, pakhomo pakabwera anthu.

Nditafika kuchokera ku chigayo kuja, ndinamuitana mwana wanga wamkulu kukhitchini.

"Iwe, kodi pakhomo pano mwalakwiridwa chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Nanga chitseko chakumbuyo chimene mukukakonza kwa mayi wa makala n'chachiyani?"

Anakhala pansi, n'kuyamba kusewera ndi nsonga ya chitenje. Kenako anandiuza zonse. Anati madzulo Mwanza yense amakhala pa foni, ndiye netiweki imene imafika pakhomo pathu imakhala yochepa kale. Yochepayo n'kumagawanso anthu onse aja. Anati mavidiyo ndiwo amamwa kwambiri, ndipo foni yoti inalowapo kamodzi imadzilumikiza yokha ngakhale ili m'thumba, n'kumakoka zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu mwini wake osadziwa. Mwamuna wake akamatumiza mapepala, kanthu kaja ka pa laputopu kosonyeza kuti zikupita kamangozungulira, mpaka makina amutulutsa, n'kuyambanso poyamba. Mathiraki angapo anali atagona kale pa malire chifukwa cha zimenezi, ndipo bwana anali atamuchenjeza kuti anyamata ofuna ntchito ndi ambiri.

"Nanga osangosintha pasiwediyo bwanji?"

"Anasintha kamodzi. Amalume anangoti, 'Apongozi, kodi kabokosi kadwala?' Iwo n'kutenga foni ya amalume, kulembamo yatsopano, ndi kupepesa komwe."

"Osakadandaula bwanji?"

"Kwa ndani, amayi? Mkamwini amadandaula kwa nkhoswe. Nkhoswe yake ndi imene yakhala pansi pa windoyo."

Apa ndinamvetsa. Kwa mkamwini wanga kunali kosavuta kunyamula mkazi, ana ndi kabokosi, n'kunena kuti akufuna kukhala pafupi ndi ntchito, kusiyana n'kuuza achimwene anga kuti zimitsani foni. Ndipo sindinamuone kulakwa. Anamulera bwino kwawo. Ine ndi iye, zaka zonsezi, sitinakhalepo pa mphasa imodzi. Tikakumana pabwalo amapatuka, kuvula chipewa, n'kundipatsa moni akuyang'ana kumbali. Zambiri timatumizirana mwana. Ndiye ngakhale ineyo sindikanatha kupita kukamufunsa kuti apongozi, chikukuvutani n'chiyani.

Amene anabweretsa nzeru yolemba ndi mwana wanga wachiwiri, wa sukuluyo. Nayenso anali akuvutika, mawu a aphunzitsi ankangoduka. Anati, "Amayi, pakamwa pano palibe angamuuze mnzake. Koma pepala lilibe apongozi. Tilembe kuti uyu nthawi yake ndi iyi, uyu ndi iyi, aliyense asaine." Ndinaona kuti n'zanzeru. Za nyumba ya lendi ndinawauza ana anga kuti asatchule, poopa kumuchititsa manyazi mkamwini.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinakhala pansi pa manachesi. Achimwene nkhaniyi anaikonda kwambiri. Anavala jekete, n'kukhala pakati. Anati pakhomo popanda lamulo ndi pamsika, ndipo iwo anali ataona kale kuti kabokosi kakuchedwa chifukwa ana alibe mwambo. Anamuuza wa sukulu uja kuti agwire cholembera, iwo azinena.

Anagawa monga mmene amagawira nyama pa ukwati, kuyambira akulu. Dzuwa likangolowa, nthawi yoyamba ndi ya akuluakulu, ndiye kuti iwowo ndi ine, pamodzi ndi alendo athu. Ine pa foni ndimangomvera timauthenga ta mawu ta amayi anzanga a kutchalitchi, koma anandipatsabe gawo, ati ulemu. Ikatha imeneyo, ola limodzi la mwana wa sukulu. Akamaliza iyeyo, mkamwini.

"Ndipo inu apongozi takukonderani," anatero achimwene. "Kuyambira pamenepo mpaka tambala, n'kanu nokha. Alipo wina wapatsidwa gawo lalikulu chonchi?"

Mwana wanga wamkulu anatsegula pakamwa, mwamuna wake n'kumugwira pa mkono. Wa sukulu uja anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi, pakuti mlongo satsutsa mwini mbumba pamaso pa mkamwini. Mkamwiniyo anayandikira chonjuta, analandira cholembera ndi manja awiri, n'kusaina.

"Zili bwino, amalume. Zikomo kwambiri."

Pepalalo analikhoma ndi msomali pakhonde panga. Aliyense anali ndi gawo lake, panalibe woiwalidwa. Koma gawo la mkamwini linkayamba bwana wake atatseka kale.

Zinthu zinaipirapo, chifukwa chimene kale chinali chizolowezi tsopano chinali lamulo, ndipo iye anali atasaina. Anasiya kubwera madzulo. Ankatsala ku malire, kukhala pakhonde la ofesi laputopu pamiyendo, akulimbana ndi netiweki ya pa foni yake, n'kudzabwera pa njinga kutada, mumsewu wa mathiraki uja. Ana ankagona osamuona. Kabokosi kake kankatsala kakutumikira mpira ndi anthu a kumpanda. Mayi wa makala uja anatumiza uthenga kuti nyumba waipaka laimu, mwezi ukatha alowe.

Masiku amenewo ndinkapemphera kwambiri, koma sindinkapempha zodabwitsa. Ndinkangoti Ambuye, ndipatseni njira yoti m'bale wanga amve popanda mkamwini wanga kutsegula pakamwa. Ndinkaganiza za ka mdzukulu kaja ka phala, ndi za nyumba ya kuseri kwa manachesi itatsekedwa ndi loko. Anthu akanati chiyani? Akanati pakhomo paja mkamwini anathawapo.

Tsiku lina m'mawa ndinawoloka khwawa. Achimwene ndinawapeza akusosa m'munda.

"Achimwene, kunyumba kuli nkhani ya banja. Ikufuna nkhoswe."

Anaimika khasu. "Amenyana?"

"Ayi."

"Wapezeka ndi mkazi wina? Anyamata a pa malirewa ndimawadziwa ine."

"Ayi. Nkhani yake siyomva ndi makutu, njoona ndi maso. Mubwere nthawi yanu yomwe ija, koma lero musakhale panja. Mukalowe m'nyumba mwawo."

Mwana wanga ndinamuuza kuti amuchonderere mwamuna wake, tsiku limenelo lokha adzagwirire ntchito kunyumba. Mwamunayo anavomera, ngakhale sankadziwa chifukwa chake.

Madzulo achimwene anafika ndi jekete lija. Analowa, anawapatsa mpando pafupi ndi tebulo pamene mkamwini anali ndi laputopu. Ine ndinakhala pakhomo, kunja kwa chitseko, ndikusankha nyemba m'lichero. Ana anga awiri anali mkati. Kumpanda anthu anali atayamba kale kutsamira, telala uja ali pa mpando wa ndalema.

"Nkhani yake ili kuti?" anafunsa achimwene.

"Ikubwera," ndinatero. "Apongozi apitirize ntchito."

Panapita kanthawi. Achimwene anatopa n'kudikira, anatulutsa foni, n'kuyatsa mpira motsitsa mawu. Mkamwini ankatumiza pepala limodzi, kanthu kaja kakungozungulira. Kenako foni yake inalira. Mwana wanga wamkulu anaitola msanga n'kuika poti tonse timve. Anali dalaivala wa ku Tete, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi cha kwawo.

"Shamwali, ndigonenso pano? Anzanga amene ndinanyamuka nawo ku Beira mawa akakhala akutsitsa ku Blantyre. Ine ndikudyetsa udzudzu wa ku Mwanza. Kapena mukufuna ndikwatire konkuno?"

"Pepani bwana, netiweki ikuvuta. Ndikuyesetsa."

"Netiweki, netiweki! Anzako aja netiweki yawo amaitenga kumwamba? Feteleza uyu eni ake akundiimbira ngati ndaba."

Foni itaduka, achimwene anadzutsa mutu. "Wati feteleza?"

"Eya, amalume."

"Mvula ili pafupi chonchi, feteleza n'kumagona pa malire? Boma ili!"

Palibe anaseka. Ine ndinakhuthulira nyemba m'mbale, n'kumupatsa wa sukulu uja lichero. "Tatolera mafoni a pakhomo pano, uzimitse waifai, uike umu." Anatero, yanga, yake ndi ya mkulu wake. Kenako ndinadzuka n'kupita kumpanda. Ndinawapatsa moni onse, n'kuwauza kuti ana anga, lero kabokosi kali ndi ntchito, zimitsani, mupite bwino. Ena anachoka akung'ung'udza. Telala anafunsa ngati achimwene akudziwa zimenezi, ine n'kumuuza kuti pakhomo pano mpanga. Anakwera njinga osatsanzika.

Nditabwerera, kanthu kaja kanali katayamba kusuntha, koma mwaulesi. M'nyumba monse munali zii, kupatula mawu a woulutsa mpira m'manja mwa achimwene. Wa sukulu uja anaima patsogolo pawo ndi lichero. Anamuyang'ana, anayang'ana lichero, n'kuyang'ana ine.

"Kafoni kamodzi aka?"

"Tangoyesani, achimwene."

Anazimitsa. Pepala la thiraki lija linapita, lachiwiri n'kutsatira. Achimwene anasendeza mpando kufupi ndi laputopu. Kenako, osauza munthu, anayatsanso mpira uja. Lachitatu linayamba kukwawa. Anazimitsa, linapita. Anayatsanso kachiwiri, kufuna kutsimikiza, ndipo mkamwini anangokhala manja ali pa mawondo, kudikira kuti amalume amalize kuyesa.

Atazimitsa komaliza sanaike foni m'lichero. Anaiika m'thumba la jekete.

"Apongozi, ntchito imeneyi imafunika ifike nthawi yanji?"

"Isanakwane 8, amalume."

"Ndiye pepala lija munasainiranji?"

"Munali mutanena kale, amalume."

Anatembenukira kwa ine. "Chemwali, mwandiwolotsa khwawa kudzaweruza mlandu woti wolakwa ndi nkhoswe yemwe?"

"Sindinati mwalakwa. Koma mbumba yanu ikusamuka mwezi uno ukatha. Nyumba anaipaka kale laimu ku malire. Ndinaona kuti si bwino mudzamvere pa chigayo ngati mmene ndinamvera ine."

Mkamwini anaweramitsa mutu. Iye sankadziwa kuti ine ndikudziwa. Achimwene anaimirira, anatuluka, anatenga njinga yawo. Chakudya chinali chitapsa, koma anakana. Anati akhuta.

Anatha masiku osabwera. Kumpanda anthu ankabwerabe, ine n'kumawabweza tsiku ndi tsiku, koma ena ankangosunthira kuseri kwa mpanda kumene sindikuwaona. Pepala loyamba lija linali likadali pa msomali. Mkamwini anapitiriza kutsala ku malire, pakuti lamulo linali lisanasinthe, ndipo iye si munthu wodumpha chimene anasaina. Mwana wanga anayamba kupempha makatoni ku golosale. Ndinawaona ataunjikidwa kuseri kwa chitseko, koma sindinafunse. Ndinkaopa kuti mwina ndataya zonse ziwiri, mlongo wanga ndi ana omwe. Ndinazisiya m'manja mwa Mulungu, poti nzeru zanga zinali zitathera pamenepo.

Achimwene anabwera Loweruka m'mawa, nthawi yoti sabwera, opanda jekete. Anatsamiritsa njinga, anapita pakhonde panga, n'kuzula pepala lija pa msomali.

"Aitaneni onse. Ndipo lero apongozi ayambe ndiwo kulankhula. Akati 'zili bwino amalume' ndiwalipiritsa nkhuku."

Tinakhalanso pansi pa manachesi. Mkamwini anavutika kuyamba. Ankayang'ana mkazi wake, achimwene n'kumati, "Musayang'ane uyo, si iye amatumiza feteleza." Pang'ono ndi pang'ono ananena. Anati chimene akufuna ndi kuyambira 6 mpaka 8 koloko, masiku a ntchito okha. Wa sukulu anati masiku a kalasi angathe kulowa nawo nthawi yomweyo, azizimitsa kamera n'kumangomvera mawu, ndipo manotsi ndi mavidiyo a sukulu azikoperatu m'mawa netiweki ikadali yopepuka. Mkamwini anati zimenezo sizingamusokoneze. Zinalembedwa. Analembanso kuti nthawi imeneyo mafoni ena onse azizimitsidwa waifai n'kugona m'lichero pakhonde panga. Foni ikalira, mwini wake ayankhe, poti kuimba wamba sikudutsa m'kabokosi.

"Nanga mpira?" anafunsa mwana wanga wamkulu.

"Mpira uli ndi wailesi," anatero achimwene, nkhope ili gwa. "Tinkaumvera musanabadwe inu."

Koma mkamwini anapempha kuti Loweruka ndi Lamulungu masana alembe kuti ndi nthawi ya amalume, ndipo 8 ikadutsa aliyense alowe. Anawonjezanso kuti tsiku limene wamaliza msanga, kapena kulibe mathiraki, azituma mwana kudzanena kuti lichero litsegulidwe. Ine ndinapempha chimodzi, kuti pakagwa maliro kapena matenda pepala lizigona, aliyense alankhule ndi abale akutali mmene angafunire. Onse anavomera.

Inatsala nkhani ya alendo, ndipo apa mpamene tinakhalitsa. Wa sukulu anati pasiwedi isinthidwe, komanso kabokosi kangathe kukonzedwa kuti kazilola mafoni okhawo amene tawasankha, chifukwa pasiwedi yokha anthu amapatsirana. Achimwene anati zimenezo n'zabwino, koma mawa munthu adzabwera kudzapempha, ndipo adzapempha kwa mwini kabokosi.

"Apongozi, telala akadzakupemphani mudzamukaniza?"

Mkamwini anayang'ana pansi.

"Mwaona? Uyu ngakhale mbuzi itapempha angaipatse. Lemba, iwe. Lemba kuti mkamwini sakaniza munthu. Wokaniza ndi mayi. Aliyense wofuna kulowa, kaya ndi mlendo, kaya ndi ine, apite kwa chemwali angawa. Ali ndi mtima wouma, ndinauona tsiku lija."

Ana anaseka, inenso ndinaseka. Mawu amenewo analembedwa mmene anawanenera, kupatula za mtima woumazo. Tinasaina tonse, ine ndi dzina langa limene ndinaphunzira kulemba ku pulayimale. Achimwene anasaina pomaliza. Atatha anamufunsa mkamwini kuti, "Nanga laimu uja?" Iye anayankha kuti akaganiza. Sananene kuti sasamuka, ndipo palibe anamukakamiza.

Lolemba madzulo ndinatulutsa lichero. Achimwene anafika nthawi yawo, anazimitsa waifai okha, anaika foni, n'kukhala pakhonde panga ndi kawailesi. Tinacheza za mbewu ndi za mbuzi yawo yodwala, ndipo ndinazindikira kuti panali patapita miyezi tisanachezepo chotero. Isanakwane n'komwe 8, ka mdzukulu kaja kanabwera kakuthamanga. "Agogo, adadi akuti amaliza, mutsegule lichero!"

Sikuti zonse zinakhala bwino. Masiku ena netiweki imakana ngakhale mafoni onse ali m'lichero, chifukwa anthu a m'boma monse sitingawaike m'lichero. Magetsi akazima kabokosi kamadalira kabatire kamene sikachedwa kutha. Telala mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali, ndipo zovala ndimakasoketsa kwina. Pali amayi ena amene amati ndinayamba kunyada chibwerereni intaneti. Kukaniza munthu si chinthu chokoma, ndipo nthawi zina ndikamubweza wina ndimalowa m'nyumba kukapempha chikhululuko. Wina akabwera ndi chosowa chenicheni, monga kutumiza kalata yofunsira ntchito, ndimamuuza abwere m'mawa, mwana wanga amulowetse, akamaliza amutulutse. Achimwene nawo tsiku la mpira waukulu amayendayenda pabwalo ngati nkhuku yofuna kuikira, akuyang'ana lichero. Koma sanalitsegulepo okha.

Mwezi unatha, makatoni aja ali pomwepo kuseri kwa chitseko. Mwezi wina unayamba. Sindinafunse. Kenako tsiku lina ndinaona mwana wanga akuyatsira moto katoni imodzi, ina ana akuseweretsa ngati galimoto. Mayi wa makala ndinakumana nayenso pa chigayo pomwe paja.

"Inu, laimu wanga uja ndinapakira mizimu? Mkamwini wanuyo munamudyetsa chiyani?"

Ndinamupepesa, n'kumuuza kuti sindinamudyetse kanthu. Nyumbayo analowamo ena.

Mvula itatha, m'mawa wina ndinamva khasu kuseri kwa manachesi. Nditasuzumira ndinaona mkamwini akuponda dothi, chikombole chili pambali. Anandiona, anavula chipewa, n'kuyang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse. Ndinamutuma mdzukulu kuti akafunse adadi ake kuti njerwazo n'zachiyani. Anabwera n'kundiuza kuti akuti akufuna kuwonjezera chipinda, ana akukula.

Pepala latsopano lija likadali pakhonde, tinaliika m'pulasitiki chifukwa cha mvula. Ndalemba izi pothokoza Mulungu amene anandisungira ana pakhomo ndi mlongo wanga yemwe. Inu amene mwawerenga, mukamagwada muzitikumbukirako ife a kuno ku Mwanza: mkamwini wanga kuti ntchito yake ikhazikike, mwana wanga wa sukulu kuti amalize, achimwene anga amene akukalamba, ndi ine wonyamula lichero, kuti ndizikaniza anthu popanda kuwada.